Pasiwedi Yakanthawi Ikakana pa Tsiku Loyamba la Ntchito

Tsiku loyamba pantchito, mwapatsidwa pasiwedi yakanthawi koma kompyuta ikukana. Musangobwerezabwereza, chifukwa makampani ambiri amatseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo motsatizana.

Yambani ndi dzina lolowera. Kwina amafuna imelo yonse ya kuntchito, kwina dzina lokha. Kenako onani ngati batani la Caps Lock layaka, popeza pasiwedi imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Tiyerekeze kuti papepala palembedwa Ol7@mk. Kodi koyambirirako ndi chilembo O kapena nambala 0? Chachiwiricho ndi l wamng'ono, I wamkulu kapena 1? Komanso pa kiyibodi ya ku Britain, Shift ndi 2 satulutsa @ ngati pa ya ku America.

Werengani uthenga womwe watuluka. Ukanena kuti pasiwedi yatha nthawi kapena akaunti yatsekedwa, kulembanso sikuthandiza. Imbirani a ofesi yoona za makompyuta, muwawerengere uthengawo ndendende.

Kompyuta ikavomera n'kukupemphani pasiwedi yatsopano, pamalo a yakale lembani yakanthawi ija. Yatsopanoyo musauze aliyense, ngakhale bwana wanu.