Mwala sunafe, ndiye kaboni angauyeze bwanji?

Mu 2019 akatswiri ofukula zakale anapeza mitengo iwiri yopingasa m'mbali mwa mtsinje wa Kalambo, kumtunda kwa mathithi a m'malire a Zambia ndi Tanzania. Mtengo wapamwamba unali wogobedwa ndi chida kuti ukhale bwino pa unzakewo. Zotsatira zitatuluka mu 2023, zinadziwika kuti mitengoyo yakhala pamenepo zaka pafupifupi 476,000. Zaka zimenezi sanazipeze ndi kaboni-14, ngakhale kuti mtengo ndi chimodzi mwa zinthu zimene njirayi imayeza bwino kwambiri. Chifukwa chake chikutithandizanso kumvetsa kuti mawu amene timamva kawirikawiri, oti "mwala uwu anauyeza ndi kaboni", ngolakwika.

Kaboni-14 amapangika m'mlengalenga, pamene cheza chochokera kutali kuthambo chiwomba mpweya wa naitirojeni. Zomera zimamukoka pamodzi ndi mpweya umene zimapangira chakudya, mbuzi imadya zomerazo, ife n'kudya mbuziyo. Chamoyo chilichonse chimakhala naye pa mlingo wofanana ndi wa mumpweya: pafupifupi atomu imodzi pa maatomu a kaboni 1 thiriliyoni. Chikafa chimaleka kulandira watsopano, ndipo amene anali m'thupimo amayamba kuchepa, kubwerera kukhala naitirojeni. Theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Khala la pamoto wakale likapezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo woyamba, ndiye kuti lagawika kawiri, ndipo mtengo wake unafa zaka pafupifupi 11,460 zapitazo. Willard Libby wa ku yunivesite ya Chicago ndiye anaonetsa mu 1949 kuti njirayi imagwira, ndipo mu 1960 analandira nayo mphotho ya Nobel.

Onani kuti chimene chikuyezedwa apa ndi nthawi ya imfa. Mwala wa phiri la Mulanje sunadyepo, sunapumepo, sunafe. Unauma kuchokera ku chiphalaphala pansi pa nthaka, ndipo kaboni wa mumpweya sanalowe m'kapangidwe kake. Miyala ya laimu ndi malasha a ku Mchenga zili ndi kaboni wambiri ndithu, koma wa mtundu wa 14 anatheramo kalekale.

Kutha kumeneku ndi vuto lachiwiri, ndipo ndi limene linakhudza mitengo ya ku Kalambo. Kugawika kukachitika kakhumi, pa zaka 57,300, kotsala sikafika gawo limodzi pa magawo 1,000. N'chifukwa chake malabotale amalekezera pa zaka pafupifupi 50,000. Zaka 476,000 ndi kugawika maulendo 83. Pamenepo palibenso choti makina awerenge. Choopsa n'chakuti mukaumirira, makinawo adzakupatsanibe nambala. Timizu ta udzu, nkhungu kapena madzi a m'nthaka zimalowetsa kaboni watsopano. Ngati gawo limodzi lokha pa magawo 100 a kaboni wa m'fupa la dinoso ndi la masiku ano, fupalo lidzaoneka ngati la zaka pafupifupi 37,000, chikhalirecho ndi la zaka mamiliyoni ambirimbiri. Katswiri wodziwa ntchito akaona nambala yoyandikira 40,000 kapena 50,000 sathamangira kulengeza. Amayamba waganiza kuti mwina chinthucho n'chakale kuposa pamene njirayi imafika.

Nanga a ku Kalambo anatani? Anasiya mitengoyo n'kuyeza mchenga umene unaikwirira. Timiyala ta mchenga tikakwiririka timasunga pang'onopang'ono mphamvu ya cheza chochokera ku yuraniyamu, thoriyamu ndi potaziyamu wa m'dothi lozungulira. Dzuwa likatiwalira, mphamvu yosungidwayo imafufutika. Ndiye funso limene mchenga umayankha ndi lakuti: unaliona liti dzuwa komaliza? Wofukula amakhomera paipi yosalowa kuwala m'khoma la dzenje, n'kuitseka mbali zonse. Ku labotale amaitsegula m'chipinda cha kagetsi kofiira kozirala, amawalitsira timiyalato, ndipo timatulutsa kuwala kofooka kolingana ndi mphamvu imene tinasunga. Kenaka n'kugawa chabe: ngati tasunga miyezo 300, ndipo dothilo limapereka miyezo 3 pa zaka 1,000, mchengawo wakhala mumdima zaka 100,000. Timiyala tina timadzadza msanga n'kuleka kusunga, choncho ku Kalambo anagwiritsa ntchito ta mtundu wa felisipa timene timapirira nthawi yaitali. Njirayi nayo ili ndi msampha wake. Mchenga wobwera ndi madzi amatope, umene sunawalidwe mokwanira usanakwiririke, umaoneka wakale kuposa zoona. Amazindikira zimenezi akaona kuti timiyala ta malo amodzi tikupereka zaka zosiyana kwambiri.

Pa zinthu za zaka zapakatikati zomwezi palinso njira ya yuraniyamu ndi thoriyamu, imene imafika pafupifupi zaka 500,000. Yuraniyamu amasungunuka m'madzi koma thoriyamu ayi, choncho mwala wongomera kumene ndi madontho a m'phanga umayamba wopanda thoriyamu, ndipo amene apezekamo pambuyo pake ngobadwira momwemo. Chigaza chotchuka cha ku Kabwe, chimene chinapezeka mumgodi mu 1921, anachiyeza ndi njira za yuraniyamu ndipo mu 2020 anachipatsa zaka pafupifupi 299,000.

Tikafika pa mamiliyoni, pafunika chinthu chotha mochedwa kwambiri. Potaziyamu-40 amatenga zaka 1.25 biliyoni kuti theka lake lithe, ndipo gawo lina limasanduka mpweya wa agoni. Chiphalaphala chikadali chotentha agoni amathawa. Chikauma, wobadwa pambuyo pake amatsekeredwa m'mwalamo. Apa ndiye tikuyezadi mwala, ndipo tsiku lake ndi limene unazizira. Mary Leakey atapeza chigaza ku Olduvai m'dziko la Tanzania mu 1959, anayeza miyala yochokera ku mapiri ophulika ya pamalopo, osati fupalo, ndipo mu 1961 analengeza zaka 1.75 miliyoni. Mafupa akale kwambiri amayezedwa chonchi: akakhala pakati pa mizere iwiri ya phulusa la phiri, ngaang'ono kwa mzere wapansi, ngaakulu kwa wapamwamba. Pamene phulusa loyenera palibe, zimavuta. Chibwano cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991 anachiika pa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni poyerekeza mafupa a nyama opezeka nacho, makamaka a nkhumba zam'tchire, ndi a malo ena a kum'mawa kwa Afirika amene anayezedwa kale.

Njira ya potaziyamu nayonso siyenera chilichonse. Kuyeza nayo chiphalaphala cha dzana kuli ngati kuika supuni ya mchere pa sikelo ya malole: agoni wobadwamo ngochepa zedi, moti katsalira kakang'ono ka agoni wakale amene sanathawe kangachititse mwala wa zaka 20 kuoneka wa zaka masauzande mazanamazana.

Miyala yakale kopambana imayezedwa ndi zirikoni, kamwala kolimba kakang'ono ngati kamchenga. Pamene kakupangika kamalola yuraniyamu kulowa koma kamakana mtovu, choncho mtovu wopezekamo ngochokera ku yuraniyamuyo. Ubwino wake ndi wakuti muli mitundu iwiri ya yuraniyamu yothamanga mosiyana: wa 238 theka lake limatha pa zaka 4.47 biliyoni, wa 235 pa zaka 704 miliyoni. Mayankho awiriwo akafanana, katswiri amakhulupirira nambalayo. Akasiyana, amadziwa kuti mtovu wina unatayika mwalawo utatenthedwanso. Tizirikoni ta ku Jack Hills kumadzulo kwa Australia tinapereka zaka pafupifupi 4.4 biliyoni. Koma zirikoni wopezeka m'mwala wa mchenga amatiuza za mwala umene anachokeramo poyamba, osati za nthawi imene mchengawo unaunjikana, moti mwala wa mchengawo tinganene chabe kuti sungapose kazirikoni kake kakang'ono kwambiri m'zaka.