Funso lobisala m'madandaulo a owonera

Tiyerekeze kuti mayi wina yemwe amaphunzitsa zaulimi pa YouTube watulutsa vidiyo ya kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS. Awa ndi matumba aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi chiguduli kunja, omwe amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala. Patatha sabata ziwiri, pansi pa vidiyoyo pali ndemanga 120. Waziwerenga zonse ali pabedi, mtima wakhala pansi chifukwa ambiri ayamikira, koma mutamufunsa kuti vidiyo yotsatira ikhala ya chiyani, sangakuyankheni. Chomwe chatsala m'mutu mwake ndi bambo mmodzi yemwe anamulalatira.

Munthu akamawerenga ndemanga mongodutsa amakumbukira zomwe zinamupweteka ndi zomwe zinamusangalatsa basi. Funso lomwe labwera kakhumi m'mawu osiyanasiyana limamupulumuka. Ndiye ntchito yoyamba ndi kusiya kudalira mutu n'kutenga kope kapena Google Sheets.

Musanayambe kukopera, sinthani dongosolo la ndemangazo. YouTube imayamba kuonetsa zomwe yaziona kuti ndi zotchuka, ndipo Facebook nayo imatsogoza za `Most relevant`. Sankhani zoyambira pa zatsopano, kapena `All comments` pa Facebook, kuti mawu a munthu yemwe palibe anamudinira chala aonekenso. Mu YouTube Studio muli sefa ya `Contains questions` yomwe imapatula mafunso, koma ine sindiidalira yokha. Anthu ambiri akamalemba pafoni saika chizindikiro cha funso, ndipo "nanga chikakhala sichinaume bwino" ndi funso ndithu ngakhale likuoneka ngati chiganizo wamba. Musaiwalenso kusuzumira ndemanga zomwe YouTube yazigwira kuti mwini aziunike kaye.

Ndemanga iliyonse ikhale ndi mzere wake: amene walemba, mawu ake, mtima womwe walembera, ndi liwu limodzi la nkhani yomwe akunena. Mayi wathu atachita izi wapeza kuti 46 ndi zoyamikira ndi moni, 9 ndi za otsatsa malonda awo ndi zina zosakhudzana ndi chimanga, 14 ndi madandaulo, ndipo 51 ndi mafunso. Zoyamikirazo aziyankhe mwaulemu, koma siziuza munthu choti ajambule.

Poyesa mtima wa wolemba ndi pomwe makina amaphonya. Pali mapulogalamu omwe amapatsa ndemanga malikisi, monga VADER yomwe anaitulutsa mu 2014 akatswiri a ku Georgia Tech ku America. Iyo imayendera mndandanda wa mawu achingerezi, liwu lililonse ndi muyeso wake wa kukoma kapena kuipa, choncho ikakumana ndi Chichewa imangoona ngati wolembayo sanaonetse mbali. Ngakhale mutamasulira kaye ndi makina, zimasokonekerabe. Munthu akalemba kuti "mwatipha nayo vidiyoyi" nthawi zambiri akuyamikira. Wina akati "koma ndiye mwatithandizatu, matumba atatu onse awola," mawu oyambawo ndi okoma koma mwini wake wakwiya. Pa ndemanga zongokwana mazana awiri kapena atatu, maso a munthu wodziwa chilankhulo amachita bwino kuposa pulogalamu, ndipo ntchitoyo siitha madzulo onse.

Tsopano mafunso aja 51. Owonera safunsa m'mawu ofanana. Wina ati "ndi bwanji thumba," wina "ndalama zingati," wina "amapezeka kuti ku Mzimba kuno." Kufufuza liwu limodzi loti "mtengo" kungapeze ochepa chabe. Mayiyu wawaunjika potengera chomwe munthu akufuna kudziwa, ndipo milu yatuluka inayi. Za mtengo ndi kogula zilipo 19, za kauma ka chimanga 17, za kugwiritsanso ntchito thumba chaka chamawa 8, ndipo 7 ndi zamitundumitundu. Mu Google Sheets, ngati liwu la nkhani lili mu danga D, kuwerenga kwake n'kotere:

```
=COUNTIF(D2:D121,"kuuma")
```

Poyang'ana manambalawa munthu angathamangire kujambula za mtengo. Koma ayang'ane mayina kaye. Mwa ndemanga 19 zija, zisanu ndi za mnyamata mmodzi yemwe ankabwereza funso poona kuti sakuyankhidwa, ndipo ena angapo anafunsa kawiri. Anthu enieni ndi 12. Werengani anthu, osati mizere. Komanso funso la mtengo siliyenera vidiyo. Yankho lake ndi chiganizo chimodzi, limasiyana boma ndi boma, ndipo miyezi ikapita limakhala lachikale. Malo ake ndi ndemanga yomwe mwini vidiyo amaikhomera pamwamba ndi batani la `Pin`, yomwe angailembenso mitengo ikasintha.

Nkhani yeniyeni yabisala m'madandaulo. Mwa 14 aja, anayi akunena kuti mawu m'vidiyomo samveka bwino, zomwe n'zofunika kukonza pojambula ulendo wina. Koma 10 akunena chinthu chimodzi: anatsatira malangizo, chimanga chinachita nkhungu. Bambo wolalata uja ali m'gulu lomweli. Amenewa sanaike funso, koma vuto lawo ndi lomwe lija la anthu 17 omwe anafunsa za kauma. Thumba lotseka mpweya limatsekeranso chinyezi mkati, ndiye chimanga chosauma mokwanira chimaonongeka. Mukaphatikiza milu iwiriyi mupeza anthu 27, kuposa kawiri aja a mtengo. Mayiyu akanaika madandaulo m'bokosi la "okwiya" n'kulitseka, sakanaona zimenezi.

Chatsala n'kubwerera ku vidiyo yoyamba ndi kudzifunsa moona: kodi ndinazinena? Pano pali njira ziwiri. Ngati anafotokoza bwino koma chakumapeto, mwina anthu sanafikeko. YouTube Studio imaonetsa chithunzi cha mzere wa momwe owonera akucheperachepera vidiyo ikamapita, ndipo ngati mzerewo wagwa malangizowo asanafike, mankhwala ake ndi kulemba nthawi yake m'ndemanga yokhomedwa ija, mwachitsanzo 7:40, kuti munthu adine n'kufika pomwepo. Koma mayi wathu ataonera wapeza kuti anangoti "onetsetsani kuti chauma bwino" n'kupitirira. Kwa iye zinali zodziwikiratu. Kwa owonera, "bwino" sananene kanthu.

Funso ili likuyenera vidiyo chifukwa yankho lake ndi loonetsa ndi manja. Alangizi amanena kuti chinyezi cha chimanga chosunga chikhale cha m'ma 13 peresenti, koma mlimi wamba alibe makina oyezera. Ali ndi mano, ali ndi botolo ndi mchere. Vidiyoyo ionetse njere youma ikusweka ndi phokoso poiluma, kenako ionetse chimanga m'botolo lagalasi louma, mchere wouma utathiridwamo n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Mabotolo akhale awiri moyandikana, la chouma ndi la chachinyezi, kuti diso lione kusiyana.

Chenjezo limodzi: olemba ndemanga ndi kagulu kochepa ka owonera. Mu 2006 Jakob Nielsen anafotokoza kuti pa intaneti pafupifupi 90 mwa anthu 100 amangoonera osalemba kanthu, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi ndiye amalemba zambiri. Anthu 27 aja sakutanthauza kuti gawo lalikulu la owonera linaoletsa chimanga. Akungosonyeza pomwe vidiyo inasiya mpata, ndipo mpatawo mayiyu wauona yekha ataonereranso.

Mutu wa vidiyo yatsopano autenge m'mawu a ofunsawo, monga "Ndingadziwe bwanji kuti chimanga chauma ndisanachiike m'thumba?", chifukwa ndi momwe enanso adzalembere pofufuza. Ngati akufuna kuonetsa ndemanga ya munthu pa sikirini, abise dzina kapena apemphe kaye, makamaka ya munthu yemwe anavomera kuti chake chinawola. Ikatuluka, abwerere kwa anthu 27 aja mmodzimmodzi n'kuwapatsa linki, kuyambira ndi bambo wolalata uja.