Chithunzi chopezedwa ndi chithunzi chopangidwa: phunziro la Chilembwe m'kalasi

Masiku ano mwana wa sukulu akafuna chithunzi amatenga foni, n'kulemba mawu angapo m'kabokosi, chithunzi n'kutulukira. Kwa iye nkhani yathera pomwepo. Koma mabokosi olembamowa alipo a mitundu iwiri, ndipo ngakhale amaoneka ofanana, ntchito zawo n'zosiyana kotheratu. Lina limakasaka chithunzi chimene munthu wina anajambula kale n'kuchiika pa intaneti. Linalo limapanga chithunzi chatsopano chimene kunalibe mphindi yapitayo. Kodi mphunzitsi angawathandize bwanji ana kuona kusiyana kumeneku ndi maso awo, osati kungoloweza?

Tiyerekeze kalasi ya Fomu 3 pa phunziro la mbiri yakale. Mutu wake ndi kuukira boma la atsamunda kumene Mbusa John Chilembwe anatsogolera mu Januwale 1915, ndipo gulu lililonse likufunika chithunzi choti liike pa ntchito yake. Mphunzitsi ali ndi foni imodzi yokha ndi bandulo yochepa, choncho aitana ana awiri kutsogolo kuti achite ntchitoyi anzawo akuonerera.

Woyamba atsegula Google, alemba `John Chilembwe 1914`, n'kusankha mbali ya zithunzi. Pakati pa zimene zatuluka pali chithunzi chakale chopanda mitundu: Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chithunzi chimenechi ndi chomwe katswiri wa zaluso Samson Kambalu anatengerapo chiboliboli chake chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022.

"Dinani pachithunzipo," atero mphunzitsi. Mwana adina, ndipo foni iwatengera ku tsamba limene chithunzicho chimakhala, lokhala ndi mawu ofotokoza amene ali pachithunzipo ndi nthawi imene chinajambulidwa. Apa mphunzitsi afotokoza kuti Google sanajambule kalikonse. Makina ake amayendayenda pa masamba a intaneti n'kumasunga ndandanda ya zithunzi pamodzi ndi mawu amene alembedwa pafupi nazo. Munthu akalemba dzina la Chilembwe, makinawo amangoyang'ana m'ndandandamo n'kumulozera kumene kuli chithunzicho. Ndiye kuti chithunzi chopezedwa chili ndi kwawo, ndipo munthu angathe kulondola mapazi ake mpaka kukafika kumene chinachokera.

Tsopano mwana wachiwiri atsegula pulogalamu yopanga zithunzi, imodzi mwa zija zimatchedwa AI. Zina mwa zimene zinatchuka kwambiri ndi DALL-E, imene inalengezedwa mu 2021, komanso Midjourney ndi Stable Diffusion, zimene zinafika kwa anthu mu 2022. Mwanayo alemba kuti akufuna chithunzi chakale cha Mbusa John Chilembwe ataima pa tchalitchi chake mu 1914. Posakhalitsa patuluka bambo wovala suti, nkhope yaulemu, kumbuyo kwake kuli tchalitchi cha njerwa. Chithunzicho n'chowala bwino kuposa choyamba chija, moti ana ambiri akuti atenge chimenechi.

Mphunzitsi sawatsutsa. Angouza mwanayo kuti atumizenso mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Chithunzi chachiwiri chituluka: bamboyu tsopano ali ndi nkhope ina, ndipo tchalitchi chili ndi mawindo ena. Atumizanso kachitatu, patuluka munthu winanso. Kenako abwerera ku Google n'kusakanso monga poyamba, ndipo chithunzi chakale chija chibweranso chomwecho, chipewa chomwecho, anthu omwewo.

"Madamu, ndiye Chilembwe weniweni ndi uti pa atatuwa?" afunsa mtsikana wina.

"Palibe ndi mmodzi yemwe," ayankha mphunzitsi. "Anthu atatuwa sanabadwepo. Taganizani kuti mwapita kwa wojambula zikwangwani pamsika, munthu waluso amene waona abusa ambiri ndi matchalitchi ambiri, n'kumuuza kuti akujambulireni agogo anu amene sanawaonepo. Adzajambula nkhalamba yokongola ndithu, koma simungapite nayo pamaliro n'kunena kuti awa ndi agogo."

Mmene makinawa amagwirira ntchito n'zosavuta kuzimva zikafotokozedwa pang'onopang'ono. Asanaperekedwe kwa anthu, amaonetsedwa zithunzi zambirimbiri, chilichonse ndi mawu ochifotokoza. Mwachitsanzo, Stable Diffusion inaphunzitsidwa ndi mbali ina ya nkhokwe yotchedwa LAION-5B, imene inali ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni zotoledwa pa intaneti. Pophunzirapo, makinawo amazolowera kuti mawu akuti mbusa amayenda ndi kolala ndi suti, akuti tchalitchi amayenda ndi nsanja ndi mawindo aatali, akuti 1914 amayenda ndi chithunzi chofuwirira. Munthu akapempha chithunzi, makina ambiri otere amayamba ndi madontho osokonekera opanda tanthauzo, n'kumawasalaza pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50, kufikira patatuluka chinthu chogwirizana ndi mawu aja. Madontho oyambirawo amasintha ulendo uliwonse, n'chifukwa chake nkhope imasinthanso.

Mwana wochenjera angafunse kuti, nanga ngati makinawo anaonapo zithunzi zenizeni za Chilembwe pophunzira? N'zotheka, ndipo nthawi zina nkhope yotuluka ingafanane ndi ija ili pa ndalama ya K2,000. Koma kufanana si umboni. Panalibe kamera, panalibe tsiku, panalibe munthu amene anaima pamalopo. Tchalitchi cha Chilembwe chinagwetsedwa ndi boma la atsamunda kuukira kuja kutalephereka, choncho zithunzi zakale ndi zina mwa zinthu zochepa zimene zingatiuze mmene chinkaonekera. Chithunzi chopangidwa chikaika nsanja pamene panalibe nsanja, mwana adzanyamula bodza limenelo m'mutu mwake osadziwa. Vutoli limakula pa zinthu zakwathu, chifukwa zithunzi za ku Malawi n'zochepa pa intaneti poyerekeza ndi za ku Ulaya kapena ku America. Pamene makinawo sadziwa, sanena kuti sakudziwa. Amangodzazapo ndi zimene anazolowera kwina, ndiye mudzi wa ku Chiradzulu ungatuluke ndi zovala ndi nyumba za dziko lina.

Apa pali msampha umene mphunzitsi wabwino saudumpha. Ana angatuluke m'kalasi akuganiza kuti chopezedwa chilichonse n'choona, chopangidwa chilichonse n'chabodza. Si choncho. Chithunzi chenicheni chingalembedwe mawu olakwika, monga zimachitikira pa WhatsApp pamene chithunzi cha madzi osefukira a chaka china kapena a dziko lina chimatumizidwa ngati cha dzulo. Chingakhalenso choona koma chotha nthawi: mwana akasaka mbendera ya Malawi angakumane ndi ija ya dzuwa loyera lathunthu pakati, imene inagwira ntchito kuyambira 2010 mpaka 2012 basi. Choopsa koposa n'chakuti zithunzi zopangidwa ndi makina nazonso zimaikidwa pa intaneti, ndiye wosaka angathe kuzipeza ngati zina zonse. Mu Marichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma chinafalikira padziko lonse, anthu ambiri n'kuchikhulupirira, chonsecho chinapangidwa ndi Midjourney.

Chifukwa cha zimenezi, mphunzitsi alemba pa bolodi mafunso atatu oti mwana azifunsa chithunzi chilichonse: anajambula ndani, liti, ndipo kuti? Kenako awaonetsa kusaka kobwerera m'mbuyo. Mu Google Lens kapena TinEye munthu salemba mawu, koma amaikamo chithunzicho, ndipo makinawo amaonetsa masamba ena amene chinatulukapo. Ana ayesa ndi chithunzi cha Chilembwe ndi Chorley, n'kuchipeza pa masamba angapo ofotokoza mbiri yomweyo. Ayesanso ndi cha bambo wa suti uja, ndipo patuluka zithunzi za anthu ena ongofanana naye, koma icho chenicheni sichipezeka paliponse. Kusapezeka kokha sikutsimikiza kuti chithunzi n'chopangidwa, chifukwa ngakhale chimene wajambula lero ndi foni yako sichingapezeke. Komabe chithunzi chonena kuti n'cha munthu wotchuka wa mu 1914 chikakhala chopanda mbiri iliyonse, pamenepo m'pokayikitsa.

Ana ambiri anamvapo kuti chithunzi cha makina chimadziwika ndi zala zisanu ndi chimodzi kapena zilembo zokhotakhota pa zikwangwani. Zizindikiro zimenezi zikaoneka zimathandiza, koma makina atsopano sazilakwitsa kawirikawiri ngati kale, ndiye kudalira maso okha n'kudzinamiza. Komanso mapulogalamu ena tsopano amachita ntchito zonse ziwiri m'bokosi limodzi. Njira yosavuta yodziwira ndi kuona ngati chithunzicho chabwera ndi dzina la tsamba limene ungadine n'kukafikako. Ngati palibe podina, uchitenge ngati chopangidwa kufikira utapeza gwero lake.

Chithunzi chopezedwa chilinso ndi mwini wake. Kuchiona pa Google si chilolezo chochisindikiza m'magazini ya sukulu kapena pa kalendala yogulitsa. Kuno kwathu lamulo loteteza ntchito za anthu aluso ndi la mu 2016, ndipo bungwe loyang'anira nkhanizi ndi COSOMA. N'chifukwa chake mphunzitsi amawalozera ana ku Wikimedia Commons, kumene chithunzi chilichonse chili ndi tsamba lonena za gwero lake ndi chilolezo chake. Chikalembedwa CC BY, ungachigwiritse ntchito bola utchule mwini wake ndi chilolezocho. Chikalembedwa CC BY-SA, utchule mwini, ndipo ukachisintha, chosinthidwacho uchipereke kwa ena pa chilolezo chomwecho.

Kodi ndiye kuti ana asamapangitse zithunzi? Ayi, nkhani yagona pa ntchito imene chithunzicho chikukagwira. Gulu limene likulemba nthano ya Kalulu ndi Njovu lingapangitse chithunzi popanda vuto, chifukwa palibe amene angaganize kuti Kalulu anaima pamaso pa kamera. Koma pamene chithunzi chikunena kuti munthu uyu ankaoneka chonchi, malo awa ali chonchi, kapena chinthu ichi chinachitikadi, pakufunika chithunzi chokhala ndi gwero. Lamulo la m'kalasi limakhala lalifupi: pansi pa chithunzi chilichonse mwana alembe mzere umodzi. Ngati anachipeza, alembe tsamba, wojambula ngati akudziwika, ndi chaka. Ngati anachipangitsa, alembe dzina la pulogalamu ndi mawu amene anailembera. Mwana amene walephera kulemba mzere umenewu sanadziwebe chimene wanyamula, ndipo chithunzicho chiyambe chadikira asanachimate pa ntchito yake.