Tsiku loyamba kwa ometa

Mwana wa mchemwali wanga, wa miyezi 20, atangomva kulira kwa makina ometera anakuwa ngati walumidwa ndi njuchi. Cholakwika chinali nthawi: mayi ake anapita naye masana, njala itamugwira, tulo tili m'maso.

Palibe msinkhu woikika wometera mwana, koma makolo ambiri amadikira kuti liwombo litseke, ndipo nthawi zambiri limatseka pofika miyezi 18.

Ulendo wachiwiri anapita m'mawa, mwana atakhuta phala. Mayi ake anamukhazika pamiyendo. Wometa anapukuta kaye makina ndi spiriti, poti chipere chimafalikira pamenepo, kenako anawayendetsa pamkono wa mayiyo kuti mwana aone kuti saluma. Anayambira kunkhongo, n'kumalizira m'mbali mwa makutu, chifukwa m'pamene phokoso limamuopsa kwambiri.