Mmene madola 69 anandithera pa foreksi tiyi asanazizire

Linali tsiku Lachisanu masana, ndipo ndinali nditangothira tiyi m'kapu. Mu akaunti yanga ya malonda a ndalama zakunja, omwe achinyamata amangoti foreksi, munali madola 100 omwe ndinasunga kwa miyezi itatu. Pomwe ndimamaliza tiyi uja, munali mutatsala madola 31. Palibe anandibera. Msika sunagwenso modabwitsa. Chinandidya ndi chinthu chomwe ndinkachiona ngati mphatso, chotchedwa levareji. Ndalemba izi kuti mnzanga amene akufuna kuyamba aone masamu ake asanaikemo ndalama.

Tiyambe ndi fanizo la kumsika. Tinene kuti mwapita pa Lizulu ndi K100,000, ndipo wina wakulolani kuoda tomato wa K33 miliyoni bola musiye chikole chochepa. Mtengo ukakwera pang'ono, phindu lonse ndi lanu. Koma ukatsika pang'ono, kuluza konse kukuchotsedwa pa K100,000 yanu ija, chifukwa mwini katunduyo salola kuti ndalama zake zikhudzidwe. Levareji ndi chilolezo chogwira katundu wamkulu chotere. Chikole chija ndi chomwe pafoni chimalembedwa kuti Margin.

Buloka wanga, kampani yomwe ndinatsegulako akaunti, anandipatsa levareji ya 1:500. Izi zikutanthauza kuti pa madola 500 alionse a malonda, ine ndimangosiya chikole cha dola imodzi. Ndinasankha EUR/USD, komwe umagula yuro polipira madola a ku America, ndipo mtengo unali 1.1000. Malonda awa amayezedwa m'maloti. Loti yathunthu ndi mayuro 100,000. Ine ndinalemba 0.30, ndipo nambalayo inkaoneka yaing'ono kwambiri. Sindinaganize kuti ndi mayuro 30,000, omwe pa mtengo umenewo ndi madola 33,000. Mukagawa 33,000 ndi 500 mupeza 66. Choncho buloka anatsekera madola 66 ngati chikole, ndipo pa Free Margin panatsala 34.

Apa ndi pomwe ndinasokonezeka. Ndinkaganiza kuti chikole ndiye malire a zomwe ndingaluze. Chikole chimangokutsegulira khomo. Kuluza kumawerengedwa pa madola 33,000 aja, osati pa 66.

Mtengo wa EUR/USD umayenda m'timasitepe totchedwa mapipu. Pipu imodzi ndi kusintha kwa 0.0001, monga kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.0999. Pa loti ya 0.01 pipu imodzi ndi masenti 10. Pa 0.10 ndi dola imodzi. Pa 0.30 yanga ija inali madola atatu. Nditangodina Buy, foni inaonetsa kale kuti ndaluza madola atatu, chifukwa mtengo wogulitsira umakhala wotsikirapo kuposa wogulira, ndipo kusiyanako ndi komwe buloka amadyerapo.

Pafoni pali nambala ina yomwe sindinkaiyang'ana n'komwe, ya Margin Level. Imapezeka motere: tengani Equity, yomwe ndi ndalama zanu mukachotsa zomwe mukuluza panthawiyo, mugawe ndi chikole, kenako muchulukitse ndi 100. Poyamba yanga inali pafupifupi 150 peresenti. Malamulo a buloka wanga ankati ikafika pa 100 adzandichenjeza, ndipo ikafika pa 50 adzatseka malonda anga osandifunsa. Malire amenewa amasiyana buloka ndi buloka, ndipo amalembedwa m'pangano lomwe ambirife timavomera tisanaliwerenge.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti tsikulo boma la America limatulutsa chiwerengero cha ntchito zatsopano. Lipotili limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, nthawi ya 2:30 kapena 3:30 masana kuno kwathu malinga ndi nyengo, ndipo likatuluka dola imagwedezeka. Mtengo unatsika kufika pa 1.0988. Awo ndi mapipu 12, kapena madola 36. Equity inatsika kufika pa 64, ndipo chenjezo linabwera. Ndinadziuza kuti ubwerera. Mphindi zochepa chabe, unafika pa 1.0977. Mapipu 23 kuchulukitsa ndi madola atatu ndi 69. Margin Level inagwa pansi pa 50, malonda anatsekedwa okha, ndipo kuluza kwa pafoni kunasanduka kwenikweni.

Taonani kuchepa kwa kusinthako. Kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.0977 kuli ngati katundu wa K100 watsika ndi matambala 21. Wogulitsa tomato sangazindikire n'komwe. Koma ine ndinagwira katundu woposa ndalama zanga maulendo 330, ndiye kutsika kulikonse kunkandipweteka maulendo 330. Chowawa china n'chakuti madzulo ake mtengo unakweranso kudutsa pomwe ndinagulira. Ndinalosera bwino komwe msika ukupita, koma ndinalibe mpata wopirira kugwedezeka kwa panjira.

Kubweza zotayika nakonso kuli ndi masamu ake ankhanza. Ukaluza theka la ndalama zako, uyenera kuwirikiza kawiri zotsalazo kuti ungobwerera pomwe unali. Ine ndi madola 31 ndimayenera kuwachulukitsa koposa katatu. N'chifukwa chake woluza amakopeka kutsegula loti yokulirapo kuti abweze msanga, ndipo zotsala zija zimapitanso.

Kodi zikanatha bwanji ndikanalemba 0.01? Katundu wanga akanakhala wa madola 1,100, chikole madola 2.20, ndipo mapipu 23 omwe aja akanandidyera madola 2.30 okha. Msika womwewo, tsiku lomwelo, levareji yomweyo ya 1:500. Choncho nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi kukula kwa loti poyerekeza ndi ndalama zomwe muli nazo. Levareji yaikulu imangochotsa mpanda womwe ukanakuletsani kutsegula loti yoposa msinkhu wanu.

Mayiko ena anabwezeretsa mpandawo mwalamulo. M'chaka cha 2018, bungwe la ESMA loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya linalamula kuti anthu wamba asapatsidwe levareji yoposa 1:30 pa ndalama zikuluzikulu, litapeza kuti maakaunti 74 mpaka 89 mwa 100 alionse amaluza. Pa 1:30, loti yanga ya 0.30 ikanafuna chikole cha madola 1,100, ndipo foni ikanandikaniza. Ndi madola 100 sindikanapyola 0.02.

Masiku ano ndimayamba ndi funso lakuti ndikulola kuluza zingati. Pa madola 100 ndimalola awiri. Ndikafuna kuti Stop Loss, lamulo lotseka malonda zinthu zikaipa, ikhale pa mapipu 20, ndimagawa madola awiri ndi 20 n'kupeza masenti 10 pa pipu. Imeneyo ndi loti ya 0.01, yomwe kwa mabuloka ambiri ndi yaing'ono kwambiri yomwe amalola. Tanthauzo lake n'lakuti akaunti ya madola 100 imangokwana malonda amodzi ang'onoang'ono, ndipo phindu lake ndi la masenti kapena madola ochepa. Wokulonjezani lendi ya nyumba kuchokera pa akaunti yotere akukuuzani kuti mutsegule loti ngati yanga ija.

Dziwaninso kuti Stop Loss si khoma lachitsulo. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake pa 1.20 poyerekeza ndi yuro. Mtengo unalumpha osaima pa manambala apakati, malonda anatsekedwa kutali ndi pomwe eniake anaika malire, ndipo ena anatsala ndi ngongole kwa mabuloka awo. Musanaike ndalama, funsani ngati akaunti yanu ingapite pansi pa ziro. Ndipo musanadine Buy kapena Sell, tengani cholembera muchulukitse mtengo wa pipu imodzi ndi 25. Yankho likakhala ndalama yomwe simungagone mutaitaya, chepetsani loti kapena ikani foni m'thumba.