K2000 ya Chilembwe ili ndi nkhope ziwiri

Pa msika wa Mbulumbuzi, wogulitsa akangokweza K2000 m'mwamba n'kunena kuti "iyi ndi yabodza", anthu amaunjikana, ndipo wogula amasanduka wakuba asanayankhe n'komwe. Komatu nthawi zina cholakwa cha ndalamayo n'chakuti ndi yakale basi.

Banki yaikulu ya Reserve inatulutsa K2000 yoyamba mu 2016, yokhala ndi nkhope ya John Chilembwe wa kwathu konkuno ku Chiradzulu. Mu 2022, potulutsa K5000, inatulutsanso K2000 yokonzedwa mwatsopano, yovutirapo kukopera, ndipo inati ziwirizi ziziyendera limodzi. Choncho tikaika yakale pambali pa yatsopano sizingafanane ndendende, ngakhale zonse zili zenizeni.

Siginecha nayo imatisokoneza. Amene amasaina ndi gavanala wa nthawi imene ndalamayo ikusindikizidwa. Za mu 2016 anasaina ndi a Charles Chuka, pomwe zokonzedwazo zinatuluka gavanala ali a Wilson Banda. Onjezerani thukuta, dothi ndi kupindidwa m'chitenje kwa zaka zambiri: mtundu umafwifwa, pepala n'kufewa ngati sanza.

Tikakayika, kaya kumsika kaya powerenga zopereka pa Sabata, kufananiza ndi ndalama ya m'thumba mwathu sikokwanira. Tiiyang'anitse kudzuwa. Pamalo pooneka poyera pazitulukira nkhope yobisika m'kati mwa pepala, osati yodindidwa pamwamba. Tikapeza ziwiri za nambala imodzimodzi, pamenepo ndiye pali vuto. Zikapanda kumveka, tipite nayo kubanki tisanatchule munthu dzina loipa.