Risiti ikasowa, lembani bwanji?

“Bwana, za ulendo uja sindinalandire, risiti inasowa.” Uthenga wotere ku ofesi ya zachuma umangogona, chifukwa akauntanti sadziwa ulendo wake, tsiku lake, ngakhale kuchuluka kwa ndalamazo.

Tiyerekeze kuti munatumidwa ku Zomba kuchokera ku Blantyre. Lembani chonchi: “Ndikupempha kuti mundibwezere K58,000 yomwe ndinagwiritsa ntchito pa ulendo wa ku Zomba pa 14 Meyi, umene anavomereza akulu a nthambi yathu. Malo ogona K40,000, risiti ndaphatikiza. Minibasi K18,000 kupita ndi kubwera, risiti palibe.”

Mawu akuti “palibe” asakhale okha. Nenani chifukwa: kondakitala sapereka risiti, pomwe ya malo ogona ikatayika mungathe kukapempha ina. Ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, phatikizani uthenga wotsimikiza uja, poti umaonetsa tsiku ndi ndalama. Apo ayi, lembani kalata yofotokoza, abwana anu asainire.

Za ngongole yanu kwa oyandikana nawo zisiyeni. Akauntanti amafuna pepala loti akaonetse owerengera mabuku. Ndipo onkhetsani bwino, chifukwa manambala akasiyana ndi risiti, fomu imabwerera.